Kuwerenga Achinyamata m'Kaundula wa Gulu ndi COUNTIFS

Gulu la alimi likamapempha thandizo la achinyamata, limafunsidwa kuti mamembala a zaka 18 mpaka 35 alipo angati. Chiwerengero chikasiyana ndi kaundula, pempho likhoza kubwezedwa. Tiyeni tione mmene Excel imatiwerengera popanda kusiya munthu.

Choyamba titsimikize malire, pakuti safanana kulikonse. Ndondomeko ya achinyamata ya dziko la Zambia ya mu 2015 imati wachinyamata ndi wa zaka 15 mpaka 35, koma opereka thandizo ena amayambira pa 18. Tizitsata zimene zalembedwa pa fomu.

Tiyerekeze kuti tili ndi alimi khumi a ku Petauke ndi ku Nyimba. Maina ali mumzere wotsika wa A, zaka mu B, ndipo boma limene munthu akuchokera lili mu C, kuyambira pamzere wopingasa wa 2 mpaka 11. Zaka zawo ndi 17, 18, 18, 22, 29, 35, 35, 36, 41 ndi 60. M'kabokosi kopanda kanthu tilembe motere:

```
=COUNTIFS(B2:B11,">=18",B2:B11,"<=35")
```

Mzere wa B tautchula kawiri chifukwa malire ndi awiri, apansi ndi apamwamba. Munthu amawerengedwa pokhapokha atakwaniritsa onse awiri. Yankho ndi 6.

Chizindikiro cha = n'chimene chimalowetsa anthu amene ali pamalire penipeni. Tikachisiya n'kulemba ">18" ndi "<35", yankho limatsika kufika pa 2, pakuti awiri a zaka 18 ndi awiri a zaka 35 atsala kunja. Excel sichenjeza chilichonse, popeza yachita zimene tailamula.

Tikafuna achinyamata a ku Nyimba okha, tiwonjezere muyezo wachitatu:

```
=COUNTIFS(B2:B11,">=18",B2:B11,"<=35",C2:C11,"Nyimba")
```

Mizere yonse iyenera kukhala yofanana kutalika. Wina ukathera pa 11, wina pa 12, m'kabokosi mumatuluka #VALUE! m'malo mwa chiwerengero.

Vuto lobisika kwambiri limachokera kwa mlembi. Akalemba "zaka 22" m'malo mwa 22 yekha, Excel imaona mawu, osati nambala, ndipo imamudumpha mlimiyo mwakachetechete. Kawirikawiri nambala yeniyeni imatsamira kudzanja lamanja la kabokosi, pamene mawu amatsamira kumanzere.

Nchifukwa chake tisanatumize fomu tiziyesa yankho lathu. Tiwerenge osakwana zaka 18 pogwiritsa ntchito "<18", kenaka opitirira zaka 35 pogwiritsa ntchito ">35". M'kaundula wathuyu tipeza 1 ndi 3. Tikaphatikiza 1, 6 ndi 3 tipeza 10, chimodzimodzi ndi maina amene ali mu A. Zikakwana 9, ndiye kuti pali mlimi amene zaka zake sizinalembedwe kapena zinalembedwa ngati mawu. Timufunefune, tikonze, kenaka tisaine fomu.