Giza kapena hiti pampu: chimadya mayunitsi ambiri n'chiti?

Funso: Pakhomo pathu tilipo anthu asanu, ndipo giza yathu ya malita 150 ikutimalizira mayunitsi. Wogulitsa wina akuti ndigule hiti pampu. Kodi pa chaka pali kusiyana kwenikweni?
Mayi wa ku Zomba

Yankho: Kulipo ndithu, mayi. Tiyerekeze kuti mumatha malita onse 150 patsiku, madzi akuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60. Kuwatenthetsa chonchi kumafuna mayunitsi 7. Thanki nayo imataya kutentha ngakhale wina asasambe, tinene mayunitsi 2 patsiku. Mayunitsi 9 amenewa, pa masiku 365, akukwana 3,285 pa chaka. Giza siingatsike kwenikweni pamenepa, chifukwa elementi yake imapereka kutentha kofanana ndi magetsi amene yadya.

Hiti pampu imagwira ntchito ngati firiji yotembenuza: imatenga kutentha mumpweya wapanja n'kukulowetsa m'madzi. Papepala lake yang'anani nambala ya COP. Ikakhala 3, yunitsi imodzi ikukupatsani kutentha kwa mayunitsi atatu, choncho chaka chonse mudzagwiritsa ntchito pafupifupi 1,100. Mwapulumutsa pafupifupi 2,200.

Koma nambala ya wogulitsayo musaimeze yonse. M'mawa wa Juni ndi Julayi ku Zomba mpweya umazizira, COP imatsika, ndipo makina ena amayatsa elementi yothandizira mwakachetechete. Mukaona mita ikuthamanga ngati kale, kayang'aneni pamenepo.

Musanagule, zimitsani giza masiku awiri muone mayunitsi amene atsala pamita. Ngati mumasamba madzi otentha ochepa, mtengo wa hiti pampu udzachedwa kubwerera.