Manambala osokonekera pa zikalata zojambula pamakina

Funso: Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a khofi ku Nchenachena, m'boma la Rumphi. Timajambula malisiti pafoni, kompyuta n'kuwasandutsa malemba, koma ndalama sizikugwirizana ndi za m'kaundula. Kodi ndingagwire bwanji manambala olakwika?

Yankho: Bambo, makina amawerenga maonekedwe a nambala, osati tanthauzo lake. Kadontho ka inki kakatseka mimba ya 5, amaona 6. Mzere wa pepala ukadutsa pakati pa 0, amaona 8. Malisiti a kaboni ofwifwa ndiwo amavuta kwambiri.

Yambani ndi kuchotsera. Tinene kuti kompyuta yapeza K185,600 pamene kaundula akuti K175,600. Kusiyana kwake ndi K10,000 ndendende, choncho funani lisiti limene nambala yachisanu kuchokera kumanja yakwera ndi 1, monga K53,000 yowerengedwa ngati K63,000. Kusiyana kukakhala K800 kapena K8,000, kayikirani 0 amene wasanduka 8.

Kenaka chulukitsani makilo ndi mtengo pa lisiti lililonse, muone ngati zikufanana ndi ndalama yolembedwa. Musadalire chiwerengero chonse chokha, chifukwa zolakwika ziwiri zimatha kubisana.

Manambala a foni a pamalisiti alibe chowonkhetsa, ndiye wina awerenge mokweza papepala lenilenilo, inu mukuyang'ana pakompyuta. Pojambula, yalani lisiti pamalo owala, popanda mthunzi, ndipo musataye mapepala enieni.

Ngati papepalapo pakuoneka kuti wina anabwereza ndi cholembera, vuto si makina. Imitsani malipiro a lisitilo, muitane wowerengera ndalama wa bungwe lanu.