Njira ziwiri zikaoneka zofanana

Tiyerekeze kuti mwapeza ntchito ya malipiro abwino ku Blantyre, koma mayi anu akudwala ku Kasungu kumene mukugwira ntchito pano. Mupite, kapena mukhale?

Tengani pepala, mulembe zabwino ndi zoipa za mbali iliyonse. Koma chenjerani: musangowerenga mizere. Ku Blantyre mungalembe zabwino zisanu, ku Kasungu chimodzi chokha, koma chimodzicho nʼkukhala cholemera kuposa zisanu zija. Choncho mfundo iliyonse muipatse malikisi, kuyambira 1 mpaka 5. Malipirowonso muyambe mwachotsa lendi ndi thiransipoti yobwerera kumudzi.

Zikafananabe, ponyani ndalama yachitsulo mʼmwamba. Si maula ayi, ndipo ndalamayo sikusankhirani. Ikagwa kuti "Blantyre", mtima wanu nʼkuti myuu, mukufuna kuponyanso, dziwani kuti mumafuna kukhala. Ikakupepukitsani mtima, nyamukani.

Pomaliza dzifunseni: zaka zisanu zikadzatha, ndidzanongʼoneza bondo ndi chiti? Ntchito ina ingapezekenso, koma pali zina zosabwezeka. Dziikireni tsiku lomaliza kusankha, ndipo tsikulo likafika, ayankheni abwana a ku Blantyre.