Za Nkhanza Yopanda Mawu

Abale, tonse tidziwa nkhanza ya ndodo ndi ya mutu wa mawu, pakuti iwoneka ndi kumveka. Koma ilipo ina yosasiya bala, ndiyo kumkhalira munthu chete, kumpatula pa anzake, ndi kummana ntchito kufikira atopa nachoka yekha.

Tiyese munthu wa tikiti pa munda wa fodya kufupi ndi Nsaru. Iye anafunsa za malipiro ochedwa. Kuyambira pamenepo kapitawo samyankha moni. Mamawa agawira onse ndime, nampitirira iye. Ndipo popeza alibe ndime, tsikulo sililembedwa pa tikiti yake. Posoka fodya m'chigafa samuitana. Potsiriza amnenera kuti ndi waulesi.

Tidzazindikira bwanji kuti ndi nkhanza? Tifunse zitatu. Kodi chachitika kamodzi, kapena chibwerezabwereza? Kodi ntchito yasowa kwa onse, monga tsiku la mvula yaikulu, kapena kwa iye yekha? Kodi chinayamba pambuyo pa chiyani? Kapitawo wosayankha tsiku limodzi kapena ali ndi maliro mumtima. Koma wosayankha munthu mmodzi yekha mwezi wathunthu ali ndi cholinga.

Tsono chinthu chilichonse pachokha chichepa, ndipo tikachinena kwa akulu adzati, “Nanga mlandu uli pati?” Chifukwa chake tizilemba m'kabuku madzulo a tsiku lomwelo, tisanaiwale. Tilembe tsiku, malo, chochitika, ndi amene anaona, motere: Lolemba, 3 Febuluwale, m'munda; tinafika khumi, asanu ndi anayi analandira ndime, ine ndinapempha kawiri osayankhidwa; anaona awiri. Tisalembe kuti “andida,” pakuti za mumtima mwa mnzathu sitingathe kuzitsimikiza. Tilembenso masiku amene anatichitira bwino, kuti kabuku kakhale koona. Tikasunge kunyumba, osati kuntchito. Ndipo wosadziwa kulemba apemphe mbale wokhulupirika.

Masabata atapita, tiwerenge. Ngati mwa masiku 24 tamanidwa ndime 15, pomwe anzathu sanamanidwe, umenewo ndi umboni. Tiyambe kwa mwini ntchito, pamodzi ndi mboni, ndi kulembanso yankho lake.

Lamulo la ntchito la Malawi la chaka cha 2000, pa gawo 60, lilola wantchito kuleka popanda notisi ngati machitidwe a womlemba afika posapiririka, ndipo kulekako kuyesedwa ngati kuchotsedwa kosalungama. Koma wotsimikiza mlanduwo ndiye wantchito mwini, ndipo dandaulo liyenera kufika kwa mkulu wa ofesi ya zantchito m'boma isanathe miyezi itatu. Chotero tisathawe ntchito mwaukali. Tiyambe tafunsa ku ofesiyo ku Lilongwe, kabuku kali m'manja.

Ndipo ife oona, tisaonjeze chete wathu pa chete wa kapitawo. Timpatse moni mnzathuyo poyera, ndi kuvomera kukhala mboni yake.