Phunziro: Kumasulira kansalu ka malangizo a pa chovala

Mwezi wa Juni ukafika, mayi wa ku Ngauma amagulira mwana wake juzi pa mulu wa kaunjika, zovala zomwe kuno timazitchanso kalamidade. M'kati mwa juzimo, chammbali, mumakhala kansalu koyera kokhala ndi tizithunzi ndi mawu ochepa a chilankhulo chachilendo. Mayiyo akapanda kukamvetsa, akhoza kuchapa juziyo ndi madzi otentha n'kuifinya mwamphamvu, ndipo ikauma imakhala itafupika moti mwana sangaivalenso. M'phunziro lino tiona mmene tingamasulire kansalu kameneka m'Chinyanja, ndi mmene tingakagwiritsire ntchito m'kalasi.

Zizindikiro zisanu

Zizindikiro zambiri za pa zovala zinakonzedwa ndi bungwe la GINETEX, lomwe linakhazikitsidwa ku Paris mu 1963, ndipo zimatsata muyeso wa ISO 3758. Zilipo zisanu, ndipo zimaima motsatana chonchi: beseni limanena za kuchapa, kachizindikiro ka ngodya zitatu kamanena za mankhwala oyeretsa monga jiki, ka ngodya zinayi kamanena za kuumitsa, simbi imanena za kusita, kozungulira kamanena za ochapa zovala ndi mankhwala apadera.

Pa chilichonse mwa izi pamawonjezedwa kanthu kena: nambala, madontho, mzere, dzanja kapena mtanda. Chizindikiro chachikulu chimatchula ntchito, pamene chowonjezeracho chimatchula malire a ntchitoyo. Choncho mawu athu omasulira ayenera kukhala ndi zonse ziwiri, mneni ndi malire ake.

Lamulo, chiletso ndi chilolezo

Apa ndi pamene ambiri timapunthwa. Chizindikiro chopanda mtanda sichilamula. Chimangonena zomwe nsaluyo ingathe kupirira osawonongeka. Beseni lolembedwa 40 silikuti titenthetse madzi mpaka madigiri 40, koma likuti tisapitirire pamenepo. Madzi ozizira a pa mjigo ngololedwa ndithu. Tikalemba kuti "Chapani ndi madzi a madigiri 40", tasandutsa malire kukhala lamulo, ndipo wina adzawononga nkhuni pachabe.

Chinyanja chili ndi njira zitatu zomwe zimatithandiza pano. "Musa-" ndi wa chiletso, ndipo timamusungira chizindikiro chilichonse chokhala ndi mtanda: "Musasite". "Mutha ku-" ndi wa chilolezo: "Mutha kusita". Mneni wolamula, monga "Yanikani", timamugwiritsa ntchito pokhapokha chizindikiro chikusonyeza njira imodzi yoyenera kutsata.

Tikumbukirenso kuti pakhomo palibe chopimira kutentha kwa madzi. Thupi la munthu limatentha pafupifupi madigiri 37, choncho madzi a 30 samveka otentha m'dzanja, a 40 ndi ofunda, pamene a 60 dzanja silingakhalemo. Nambala tisaichotse, koma tiiphatikize ndi mawu omwe dzanja lingawatsimikize: "Madzi asapitirire pofunda (40)".

Chitsanzo: juzi ya ubweya

Tiyerekeze kuti tagula juzi ya ubweya pa msika wa Mandimba. Pa kansalu pake pali zizindikiro zisanu, ndipo pansi pake palembedwa m'Chipwitikizi kuti "Lavar à mão. Não torcer. Secar à sombra." Tisanamasulire, tiyambe talumikiza mawu alionse ndi chizindikiro chake.

Choyamba ndi beseni lokhala ndi dzanja, ndipo mnzake ndi "Lavar à mão". Mneni mmodzi wa Chipwitikiziyu ali ndi aneni angapo kwathu: timatsuka mbale, timasamba m'thupi, timachapa zovala. Tisankha "kuchapa". Komabe "Chapani ndi manja" sakukwanira, pakuti kwathu pafupifupi aliyense amachapa ndi manja, kufikisa mwamphamvu, mwinanso kumenyetsa chovala pamwala. Amene anakonza chizindikirochi ankasiyanitsa dzanja ndi makina, ndipo kwa iwo dzanja ndi lofatsa. Tanthauzo lenileni ndi kufatsako. Ndiye tilemba: "Chapani mofatsa ndi manja, osafikisa".

Chachiwiri ndi cha ngodya zitatu chokhala ndi mtanda. Chilibe mawu pansi pake, koma sitichidumpha: "Musathire jiki". Kumene anthu amawatchula mankhwalawa ndi dzina lina, monga zimachitikira ku Cuamba kumene mayina ochokera ku Chipwitikizi ngofala, tifunse ophunzira dzina lomwe amalimva kunyumba, tilembe lomwelo.

Chachitatu ndi cha ngodya zinayi, chokhala ndi mzere wogona pakati ndi kamzere kopendekera pa ngodya yakumwamba. Kamzere kopendekerako ndiwo mthunzi, ndipo kakugwirizana ndi "Secar à sombra". Nanga mzere wogonawo? Ukutanthauza kuti chovalacho chiume chili chogona, pakuti juzi yonyowa ikapachikidwa pa chingwe imatamuka chifukwa cha kulemera kwa madzi. Mawu a Chipwitikizi sanatchule zimenezi. Womasulira woyang'ana mawu okha akanalemba "Yanikani pamthunzi", ndipo juziyo ikanapachikidwa. Ife tilemba: "Yanikani moyala, pamthunzi".

Tsopano "Não torcer" watsala yekha, wopanda chizindikiro pakati pa zisanuzi. Timamumasulirabe, ndipo timamuika pakati pa kuchapa ndi kuyanika, pomwe ntchitoyo imachitikira. Tikangoti "Musafinye", munthu adzadabwa kuti madziwo achoka bwanji. Choletsedwa ndi kupotokola, osati kukanikiza. Tilemba: "Musafinye mopotokola".

Chachinayi ndi simbi yokhala ndi kadontho kamodzi. Madontho amachuluka pamene kutentha kololedwa kukukwera, kuyambira limodzi kufika atatu. Simbi ya makala ilibe madontho, choncho "Sitani pa dontho limodzi" alibe phindu kwa ambiri. Tilemba: "Mutha kusita ndi simbi yosatentha kwambiri".

Chachisanu ndi chozungulira chokhala ndi chilembo P. Ichi ndi chomwe Chipwitikizi chimati "limpeza a seco". Tikamasulira liwu ndi liwu kuti "kuyeretsa kouma", wina adzangokutumula fumbi. Ntchitoyi imachitika ndi mankhwala amadzimadzi m'malo mwa madzi, ndipo chilembocho chimauza katswiri mankhwala oyenera. Uthengawu si wa mayi wa pakhomo. Tilemba: "Mutha kupereka kwa ochapa ndi mankhwala". Tisachisokoneze ndi chozungulira chokhala m'kati mwa cha ngodya zinayi, chomwe chimanena za makina oumitsira zovala.

Kuyesa ngati tamasulira bwino

Mawu ofupika chonchi sayesedwa ndi kukoma kwake m'khutu. Amayesedwa ndi zomwe womva achita. Tipatse wophunzira yemwe sanaone kansaluko beseni, chingwe ndi juzi, timuwerengere mawu athu, tione manja ake. Akapachika juziyo, ndiye kuti liwu la "moyala" silinamveke. Akafunsa komwe angapeze ochapa ndi mankhwala ngati kuti n'kokakamiza, ndiye kuti chilolezo chathu chamveka ngati lamulo. Wolakwa si wophunzirayo: tibwerere ku mawu athu, tiwakonze.

Ntchito

1. M'magulu a anthu anayi, bweretsani zovala zitatu zokhala ndi kansalu. Jambulani zizindikiro zake pa bolodi motsatana, ndipo pansi pa chilichonse lembani mawu a Chinyanja osapitirira asanu ndi awiri.

2. Gawani mawu anuwo m'magulu atatu: malamulo, ziletso ndi zilolezo. Kodi "Musa-" aliyense ali ndi mtanda wake kapena mawu oletsa pa kansaluko?

3. Sinthanani mawu anu ndi gulu lina, liwachite osaona zizindikiro. Lembani pomwe lasokonekera ndi mmene mwakonzera.

4. M'kalasi mwanu mukhoza kukhala ana olankhula Chiyao kapena Chimakuwa kunyumba. Afunseni aneni a kuchapa, kutsuka ndi kusamba m'zilankhulo zawo, muyerekeze ndi a Chinyanja.