Lipoti la Tenda Lizitha Kudziyankhira Lokha

Ngati mwaikidwa m'komiti younika matenda, dziwani kuti lipoti lanu lidzawerengedwa tsiku lina inu mulibe. Adzaliwerenga ndi a IPDC, komiti yogula katundu ya pamalo panu, mwinanso a PPDA kapena oona za mabuku a ndalama, pamene kampani yomwe yagwa yakadandaula. Choncho chifukwa chilichonse chogwetsera kampani chiziloza ndime ya m'chikalata choitanira matenda, ndi tsamba la tenda pomwe mwaona vutolo.

Tiyerekeze kuti khonsolo ikugula madesiki 500 a pulayimale. Chikalata chinati matabwa akhale olimba, ochindikala mamilimita 25, katundu afike pasanathe masiku 60, ndipo kampani ionetse makontilakiti awiri ofanana ndi iyi m'zaka zitatu zapitazi. Pa tsiku lotsegula, mitengo inawerengedwa motere: kampani A K38,000,000, B K41,000,000, C K42,500,000, D K47,000,000.

Musayambe ndi mtengo. Yambani ndi mapepala: fomu ya tenda yasainidwa ndi munthu woyenera? Chikole chilipo? Satifiketi ya msonkho ya ku MRA sinathe ntchito? Apa yankho ndi eya kapena ayi. Tinene kuti onse adutsa.

Pofika pa katundu weniweni, mukupeza kuti A yalemba matabwa a mamilimita 18. Ambiri amafewa mtima apa, poti mtengo ndi wokoma, n'kumati "tingowaimbira asinthe." Musatero. Mukhoza kulembera kampani kuti ifotokoze chomwe sichikumveka, koma simungailole kusintha katundu kapena mtengo envulopu itatsegulidwa kale. Matabwa opyapyala ndiwo atsitsa mtengowo; B, C ndi D akanadziwa kuti n'zololedwa, nawonso akanatsitsa. Ndipo desiki lomwe amakhalira ana atatu tsiku ndi tsiku silichedwa kupindika. M'lipoti musalembe kuti "sinakwaniritse zofunika" n'kusiyira pomwepo. Lembani kuti ndime yakuti ikufuna mamilimita 25, kampani yapereka 18 pa tsamba lakuti, ndipo kusiyanaku n'kwakukulu moti sikungakonzedwe popanda kupondereza ena. Kulakwitsa kalembedwe ka dzina la sukulu ndi nkhani ina, kumeneko sikugwetsa munthu.

Tsopano tengani kakyuleta. B yalemba K86,000 pa desiki limodzi, koma pansi yaika K41,000,000. Mukachulukitsa ndi 500, mupeza K43,000,000. Zikalata zambiri zimanena kuti mtengo wa chinthu chimodzi ndiwo umatsatidwa, pokhapokha zikuonekeratu kuti kadontho kaikidwa polakwika, ndipo mawu amaposa manambala. Konzani, lemberani B ivomereze, ikakana, yatuluka. C ili pa K85,000 desiki limodzi, masamu ake ndi olondola. Ndiye kuti yotsika tsopano ndi C, ndi K500,000. Onetsani mitengo yonse iwiri, wowerengedwa potsegula ndi wokonzedwa, chifukwa amene analipo tsiku lija akukumbukira kuti B inali pansi pa C, ndipo manong'onong'o amayambira pamenepo. Onaninso kuti onse aphatikiza VAT ndi mtengo wokatula kusukulu. Wina akasiya, simukuyerekeza zofanana.

Pomwe makomiti amaterereka kwambiri ndi pa kuthekera kwa kampani. Wina amati, "D timaidziwa, ili ndi malole ake, C ndi kakampani kakang'ono." Zikhoza kukhala zoona, koma chikalata sichinanene kuti wamkulu apambane. Chinaika mlingo, makontilakiti awiri, ndipo funso n'lakuti C yafikapo kapena ayi. Chomwe muyenera kuchita ndi kutsimikiza. Lemberani omwe C inawagwirira ntchito, funsani ngati inamaliza pa nthawi yake, sungani mayankho awo m'failo. Ngati chikalata chikulola, pitani mukaone shedi yawo: makina owotcherera alipo angati, matabwa akuumitsira pati, anyamata angatulutse madesiki angati pa sabata. Masiku 60 ndi masabata asanu ndi atatu ndi masiku ochepa, ndiye afunika opitirira 60 sabata iliyonse, kuti patsale nthawi yonyamula. C ikalephera mlingo wolembedwawo, lembani umboni wake n'kupita kwa B, osati kulumphira kwa D.

Ndime yomaliza ikhale yachindunji: komiti ikupempha a IPDC kuti ntchito ipite kwa C, pa K42,500,000 kuphatikiza msonkho, masiku 60, chifukwa ndiyo yotsika mtengo mwa omwe akwaniritsa zofunika, ndipo kuthekera kwake kwatsimikizika. Inu mukupereka ganizo, opereka ntchito ndi iwo. Tchulani tsiku lomwe matenda adzathe mphamvu kuti asachedwe nalo. Membala aliyense asaine lipoti ndi fomu yonena kuti alibe ubale ndi makampaniwo, ndipo amene sakugwirizana ndi anzake alembe chifukwa chake m'lipoti momwemo asanasaine.