Malangizo: Ndandanda wa Mashifiti a Usiku

Malangizowa ndi a inu oyang'anira anamwino m'mawodi. Vuto lathu lero ndi namwino kugwira ntchito usiku sabata yathunthu. Tulo ta masana sitikwanira, ndipo munthu wotopa amalakwitsa mlingo wa mankhwala.

Polemba ndandanda, yambani ndi usiku. Usiku poyamba, masana pambuyo. Munthu asapitirire masiku atatu otsatizana. Akamaliza, apume masiku awiri athunthu. Tsiku lomwe waweruka m'mawa musaliwerengere, limenelo ndi logona. Akabwerera ayambe ntchito ya masana, usiku alowe anzake.

Chimene chimawononga ndandanda wabwino ndi kusinthana mwamseri. Ofuna kusinthana ayambe akuuzani, inu muwerengenso masikuwo.

Tibwereze: usiku katatu basi, kenako apume.